Lipoti la msonkhano wa ophunzitsa makompyuta: tiziyamba ndi foda

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndikupereka lipoti la msonkhano wa ophunzitsa makompyuta omwe munandituma kuno ku Lilongwe. Kunabwera anzathu a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25, ndipo nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya mawu oti tizigwiritsa ntchito kwa munthu amene akungoyamba kumene.

Tinagwirizana msanga kuti poyamba tizinena kuti foda, osati dayirekitori. Wophunzira akayang'ana pa sikirini amaona kachithunzi kachikasu kooneka ngati chikwama chapepala chosungiramo makalata mu ofesi, ndipo akadina batani la kumanja la mausi n'kusankha `New` amapeza mawu oti `Folder`. Choncho zomwe akumva kwa mphunzitsi ndi zomwe akuwerenga n'zimodzi. Kachithunzi kameneka kanaoneka pa makina a Xerox Star mu 1981, kenako pa Macintosh mu 1984. Mawu oti dayirekitori ndi akale kuposa pamenepo, a nthawi yomwe zonse zinkachitika polemba malamulo.

Pomwe panavuta ndi pa funso loti kodi mawu akalewo tiwasiyiretu. Bambo wina wachikulire anati tiwasiye, chifukwa ophunzira ake ambiri amangofuna kulemba kalata ndi kuisindikiza. Mayi wina amene amaphunzitsa achinyamata omaliza Fomu 4 anakana, ndipo anatipempha kuti titsegule `Command Prompt` tonse n'kulemba izi:

```
mkdir Maphunziro
cd Maphunziro
dir
```

Lamulo loyamba limapanga foda, lachiwiri limatilowetsa m'fodayo, lachitatu limaonetsa zomwe zili m'kati. Mayiwo anati tiyang'ane zilembo zake. `dir` ndi chidule cha `directory`, `mkdir` ndi mawu omwewo ataphatikizidwa ndi oti kupanga, ndipo `d` wa mu `cd` akuimiranso omwewo. Pa mndandanda womwe umatuluka, foda iliyonse imalembedwa `<DIR>` pambali pake. Mwana amene anangomva za foda amaloweza malamulowa osadziwa chomwe akutanthauza, ndiye akalakwitsa chilembo chimodzi sadziwa pogwira. Akadzafika pa Linux n'kuona uthenga woti `No such file or directory`, sazindikira kuti makina akungomuuza kuti fayilo kapena foda yomwe watchulayo palibe.

Ine ndinagwirizana ndi mayiwo, ndipo njira yomwe anationetsa ndikufuna tiitenge. Pa tsiku loyamba kulemba malamulo, wophunzira atsegule mawindo awiri moyandikana: lakuda lija la `Command Prompt` kumanzere, `File Explorer` kumanja, onse ali pa malo amodzi. Akalemba `mkdir Maphunziro`, foda yachikasu imatulukira kumanja iye akuona. Apo mphamene timuuze kuti dayirekitori ndi dzina lina la foda, ndipo sipafunikanso kufotokoza zambiri.

Tinayesanso kulemba `mkdir Zithunzi za ukwati`. Kumanja kunatuluka mafoda atatu: `Zithunzi`, `za` ndi `ukwati`. Chifukwa chake n'choti lamuloli limatenga mpata uliwonse ngati poyambira dzina lina. Kuti ituluke foda imodzi, dzinalo liyenera kukhala m'kati mwa zizindikiro, motere: `mkdir "Zithunzi za ukwati"`. Vutoli ophunzira athu adzakumana nalo ndithu, poti mayina a Chichewa amakonda kukhala ndi mawu angapo.

Pali malire amodzi oti ife aphunzitsi tiwadziwe. Si chilichonse chotseguka ngati foda chomwe chili dayirekitori. `This PC` ndi `Control Panel` zimatseguka n'kuonetsa zinthu m'kati, koma si malo enieni pa disiki, ndiye `cd` sangakulowetseni m'menemo. Izi tisamuchulutsire nazo wongoyamba kumene, koma akafunsa timuyankhe zoona.

Mawu ena tinangowadutsa mwachidule. Anthu ambiri akati memore yadzadza amatanthauza malo osungira mafayilo, pomwe pa makina mawuwo amaimira `RAM`, yomwe imafufutika mukazimitsa. Tinati tizinena kuti malo osungira. Za kudina ndi kukilika sitinamvane, ndipo ndikuona kuti zonse n'zabwino bola mphunzitsi asamasinthesinthe m'kalasi imodzi.

Pempho langa ku komiti ndi loti tikonzenso kapepala kathu ka phunziro loyamba kuti paliponse pakhale foda, ndipo dayirekitori ayambe kuonekera pa phunziro la malamulo. Ndikupemphanso kuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse mphindi makumi awiri ndi laputopu imodzi, ndidzaonetse za mawindo awiri aja kuti aliyense adzayese yekha tisanavomereze.

Zikomo kwambiri pondituma.