Lipoti la maphunziro a zamainveta omwe munanditumako

A Tcheyamani ndi amisiri anzanga, ndabwerako bwino. Munandituma kuti ndikafunse chifukwa chake fani imalira ndi kutentha ikalumikizidwa ku inveta yotchipa, pomwe pa magetsi a ESCOM imayenda mwakachetechete. Yankho ndinaliona ndi maso anga pa osilosikopu, makina oonetsa funde la magetsi pasikirini.

Magetsi a ESCOM amakwera ndi kutsika mosalala, ka 50 pa sekondi, kapena kuti 50 Hz. Limeneli ndi funde la saini. Inveta yomwe anatiyesera inkangolumpha kuchoka pa +230 V kufika pa -230 V, ndipo pasikirini funde lake linali langodya ngati njerwa. Mphunzitsi anatiuza kuti funde lotere ndi mafunde ambiri a saini ophatikizana, monga Joseph Fourier anafotokozera mu 1822, ndipo analemba pabolodi:

```
v(t) = (4A/π)[sin ωt + (1/3)sin 3ωt + (1/5)sin 5ωt + ...]
```

A ndi msinkhu wa funde langodyalo, pano 230, t ndi nthawi, ndipo ω ndi 2π kuchulukitsa ndi 50. Atasintha osilosikopu ija kuti ionetse sipekitiramu, chithunzi cha mafunde a saini aja lililonse palokha, panatuluka mizere yoimirira ngati mitengo ya mpanda, uliwonse wofupikirapo kuposa unzake. Woyamba unali pa 50 Hz, ndipo ndi wa mavoti 207 m'muyeso womwe timati wa ESCOM ndi 230. Wotsatira unali pa 150 Hz ndi mavoti 69, gawo limodzi mwa atatu la woyamba uja. Pa 250 Hz panali 41, pa 350 Hz pafupifupi 30. Mizere yotsatirayi ndiyo amaitcha mahamoniki.

Fani inapangidwira 50 Hz yokha. Mahamoniki sathandiza kuizungulitsa, amangotenthetsa waya ndi chitsulo cha mota. Kulira kuja n'kwawonso, chifukwa khutu limamva 150 Hz ndi 250 Hz msanga kuposa 50 Hz.

Koma chomwe ndikufuna tichigwiritsitse ndi malo opanda mizere. Pa 100 Hz, 200 Hz ndi 300 Hz panalibe kanthu, popeza theka la m'mwamba la funde linali lofanana ndendende ndi la m'munsi. Mphunzitsi anatenga makina opangira mafunde n'kutalikitsako pang'ono theka limodzi. Nthawi yomweyo mzere unamera pa 100 Hz, wina pa 0 Hz. Wa pa 0 Hz ndi magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire, ndipo ndi amene amatenthetsa thiransifoma. Ndinakumbukira mainveta awiri omwe ndinasinthako thiransifoma chaka chatha osayang'ana mbali yomwe imaiyendetsa, ndipo mtima unandipweteka.

Anationetsanso kuti ukaphatikiza mafunde atatu oyamba okha, ngodya zimayamba kuoneka, koma pamwamba pamakhala mabampu. Ngakhale uwonjezere mafunde 100, kansonga ka pangodya sikatha, kamangowonda, ndipo kamapitirira ndi pafupifupi 9 peresenti ya kulumpha konse.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane zogula osilosikopu yaing'ono yokhala ndi FFT, njira yoonetsera sipekitiramu ija, ndipo amene ali ndi inveta yovuta adzabwere nayo tidzaiyese pa 100 Hz.