Lipoti la msonkhano wa otanthauzira zolengeza za m'tchalitchi

Abusa, akulu a mpingo, atumiki ndi nonse a m'komiti ya mapemphero, tabwerako kumene munatituma. Msonkhano unali wa tsiku limodzi, ndipo unasonkhanitsa alembi ndi otanthauzira a mipingo ya m'tauni imene ili ndi mapemphero a Chichewa ndi a Chingerezi, kapena imene imapemphera pamodzi wina akutanthauzira. Panali a chipresibeteriya, Akatolika, a Angilikani ndi a Pentekosite. Zokamba zinali zambiri, koma tatola zokhazo zimene zikukhudza zolengeza zathu za Lamulungu.

Mfundo imene tsiku lonse linatsamirapo ndi yakuti zinenero ziwirizi siziika ulemu pamalo amodzi. Chingerezi chimauika pa dzina la udindo limene limatsogolera dzina la munthu, ndi pa mawu opempha amene amawonjezeredwa m'chiganizo, koma mneni amakhala yemweyo kaya ukunena za mwana kaya za bishopu. M'Chichewa ulemu umalowa m'mneni, m'mlowam'malo ndi m'mawu a umwini. Choncho munthu akhoza kutanthauzira liwu lililonse molondola, chiganizo n'kutuluka chachipongwe.

Otsogolera msonkhano anatipatsa chilengezo cha maliro cholembedwa m'Chingerezi, cha ziganizo zinayi, kuti gulu lililonse litanthauzire m'mphindi 10. Chinkanena kuti mkulu wa mpingo wamwalira Lachinayi kuchipatala, wasiya mkazi ndi ana, thupi lichoka Lolemba kupita kumudzi, ndipo mamembala apereke chipepeso kwa msungichuma. Gulu lina linatulutsa izi: "Mkulu wa mpingo Uje anafa Lachinayi. Wasiya mkazi wake ndi ana. Mtembo wake uchoka Lolemba ndipo akamukwirira kwawo." Mfundo zambiri zinalimo, koma m'holo monse anthu anang'ung'udza.

Tinachisanthula pang'onopang'ono. "Anafa" ndi liwu la mbuzi ndi nkhuku; munthu amamwalira, ndipo pa guwa timakonda "atisiya" kapena "atsogola". "Mtembo" ndi liwu la kupolisi ndi kumotchale, pamene anamfedwa ali pabenchi lakutsogolo timati "thupi". "Kukwirira" n'chimodzimodzi: timati "kuika m'manda", kapena kuti malemu "akalowa m'manda" tsiku lakuti. Izi aliyense anaziwona msanga. Chimene ambiri sanachiwone ndi tizidutswa tating'ono tija: "wa-" wa mu "wasiya", "wake", ndi "-mu-" wa mu "akamukwirira". Gulu lina linayamba bwino ndi "a Uje atisiya", koma pofika chiganizo chachitatu linali litabwerera ku "thupi lake" ndi "tikamuika". Chimachititsa n'chakuti maso akawona mlowam'malo wa munthu mmodzi papepala la Chingerezi, pakamwa pamangotuluka "iye" ndi "wake". Ulemu ukayambika uyende mpaka kumapeto, ndipo njira yodziyesera ndi kudutsanso m'chilengezo chonse kufunafuna "wake", "lake", "iye" ndi "-mu-" basi.

Chimene tinagwirizana pomaliza chinali chotere: "Abale ndi alongo, tili ndi zovuta. Bambo Uje, mkulu wa mpingo wa dera lakuti, atisiya Lachinayi kuchipatala. Asiya mayi a kunyumba ndi ana anayi. Thupi lawo linyamuka mawa Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa, ndipo mwambo woika m'manda udzachitika Lachiwiri kumudzi kwawo. Chipepeso chathu tisiye kwa asungichuma tikatuluka." Chiganizo choyambacho munalibe m'Chingerezi. Otsogolera anati kuchiwonjezera si kulakwa, chifukwa kwathu uthenga wa imfa sugwetsedwa pa anthu osawakonzekeretsa.

Wina anafunsa za mwana wamng'ono. Apa "watisiya" ndi "thupi lake" zili bwino, ndipo ulemu wa "a-" upite kwa makolo. Za achinyamata sitinamvane. Ena anati amene walowa kale m'mpingo ndipo amadya Mgonero alengezedwe ndi "a-", ena anati mpaka atakwatira. Ife tikuwona kuti pa maliro ndi bwino kupyola ndi ulemu kusiyana ndi kuperewera, koma komiti ilamule.

Kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi msampha wake ndi wina. "A-" waulemu uja amafanana ndi wochulukitsa. "Abusa adzayendera odwala Lachitatu" akhoza kukhala m'busa mmodzi kapena asanu, ndipo wotanthauzira amene sanafunse amangosankha. Choipa kwambiri ndi "asiya akazi awo", chimene chikatembenuzidwa liwu ndi liwu chimauza alendo kuti mkulu wa mpingo anali wamitala. Komanso Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mlowam'malo, pamene Chingerezi chimakakamiza kusankha pa chiganizo chilichonse. Pepala likangoti "a Uje adwala", ndipo dzinalo n'la mfunda, wotanthauzira alibe podziwira. N'chifukwa chake olemba zolengeza aziyamba ndi "Bambo" kapena "Mayi", ndipo pamene pali abusa kapena alendo azilemba chiwerengero.

Maubale nawo amafuna kufunsa. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la malume, bambo aakulu ndi bambo aang'ono, ndi limodzinso la azakhali ndi mayi aang'ono. Wolengeza ukwati kapena maliro akatchula bambo aang'ono kuti malume, wasokoneza nkhani ya mwini mbumba pamaso pa akubanja. Ngati sizikudziwika ndipo nthawi yatha, kuli bwino kungoti "m'bale wawo". Ankhoswe alibe liwu lofanana nalo m'Chingerezi, ndipo kuwatcha mboni za ukwati n'kuwachepetsa ntchito. Tinagwirizana kusiya liwulo m'Chichewa n'kulifotokoza kamodzi mwachidule.

Pa maudindo, ubwino wokhala mipingo yosiyana unawoneka. Kwa Akatolika wansembe ndi "Bambo", woyang'anira parishi ndi "Bambo Mfumu", ndipo episkopi amatchulidwa "Ambuye". Wotanthauzira wa mpingo wina akamva "Ambuye abwera Loweruka kudzapereka ulimbitso" n'kutenga liwu la Chingerezi limene timatchulira Ambuye Yesu, tchalitchi chonse chimaseka. "Bambo Mfumu" nawonso si nyakwawa. Mbali inayo, kutchula wansembe kuti "abusa", kapena Misa kuti "Mgonero", ndi kumuveka mlendo malaya a mpingo wina. Ngakhale m'CCAP momwe, bungwe la amayi ndi Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Sinodi ya Nkhoma, ndi Umanyano ku Sinodi ya Livingstonia. Mayina amenewa satanthauziridwa ndipo sasinthanitsidwa. Kalata ikachokera ku mpingo wina, titchule anthu ake monga amadzitchulira eni.

Tinakhalitsa pa nkhani ya zopereka, chifukwa ndi pamene anthu amakhumudwa kawirikawiri. Chingerezi cha m'ofesi chimalemba mwalamulo: mamembala onse ayenera kupereka pofika tsiku lakuti. M'chinenero chimenecho sizimveka zaukali, koma "nonse muyenera kupereka" pa guwa imamveka ngati kalata ya ngongole. Mankhwala ake ndi akuti wolengeza adziikemo: "tikukumbutsidwa", "tiyeni tipereke", "tikupemphedwa kuti tifikitse". Ambiri amathamangira "chonde" paliponse pamene Chingerezi chati pulizi. Koma "chonde" ndi liwu lodandaulira, la munthu amene wapempha kale osamveredwa. "Chonde imirirani" imamveka ngati anthu akukana, pamene "tiyeni tiimirire" yakwana kale. Chenjezo linali lakuti kufewetsa kusadye mfundo. "Amene angathe athandizeko" si tanthauzo la chilengezo chimene chati banja lililonse lipereke K5,000 pofika pa 30. Ndalama, tsiku ndi wolandira zinenedwe monga zalembedwera, ndipo zibwerezedwe kawiri.

"Pepani" ndi "zikomo" amavutitsa popita ku Chingerezi. "Pepani anamfedwa" si kuvomera kulakwa, ndi chitonthozo, choncho pafunika mawu a Chingerezi opepesera maliro. "Zikomo" wa poyamba kulankhula ndi wopempha makutu, sakuthokoza kanthu, ndipo akhoza kusiyidwa. Za kubadwa kwa mwana, "banja lakuti lalandira mphatso ya mwana wamkazi" imveke kuti ndi kubadwa, osati mphatso yokulunga m'pepala.

Mavesi asatanthauziridwe pamutu. Chilengezo chikakhala ndi mawu a m'Baibulo, wotanthauzira atsegule Baibulo limene mpingo umawerenga, kaya Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, kaya Buku Loyera la 1998, n'kuwerenga momwemo. Chifukwa china n'chakuti za Mulungu makutu a anthu anazolowera kale njira yake. Polankhula naye timati "Inu" ndi "dzina lanu liyeretsedwe", koma ponena za Iye Buku Lopatulika limati "Mwana wake wobadwa yekha" pa Yohane 3:16. Amene aphunzira kumene lamulo la "wawo" amafuna kukonzanso apa, koma kutero kumamveka ngati milungu ndi yambiri.

Za chilango cha mpingo onse anavomerezana kuti wotanthauzira asapeke liwu lake. Kuimitsidwa pa Mgonero kwa kanthawi ndi kudulidwa mumpingo ndi zinthu ziwiri, ndipo liwu lolakwika m'Chingerezi likhoza kumukulitsira munthu mlandu pamaso pa anthu. Mawu a zolengeza zotere, m'zinenero zonse ziwiri, achokere kwa abusa ndi mlembi wa sesheni atalembedwa kale.

Kanthu kakang'ono komaliza ndi masiku. "Sabata" kwa ena ndi masiku 7, kwa ena ndi Lamulungu, kwa a Seventh Day ndi Loweruka. "Sabata lamawa" yasochezapo anthu. Tizitchula dzina la tsiku ndi deti, ndipo nthawi izikhala ndi "m'mawa", "masana" kapena "madzulo".

Zimene tikupempha komiti kuti ikambirane ndi izi. Zolengeza zonse zizifika kwa mlembi pofika Lachisanu madzulo, kupatula za maliro, kuti otanthauzira akhale ndi Loweruka lofunsira mayina, maubale ndi ziwerengero. Zizilembedwa papepala limodzi, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja, ndipo munthu wachiwiri, makamaka wachikulire, azimvetsera mbali ya Chichewa ikuwerengedwa mokweza mapemphero asanayambe, pakuti "wake" wobisala amagwidwa ndi khutu msanga kuposa diso. Pa mapemphero ophatikiza, wolengeza azinena chiganizo chimodzi chathunthu n'kuima, osadula pakati. Tikupemphanso kope limodzi losungiramo mawu amene tagwirizana, la maudindo, maliro, ukwati ndi chilango, kuti wotanthauzira watsopano asayambire pachabe. Abusa atatipatsa mphindi 30 pa msonkhano wa komiti ukubwerawu, tidzabweretsa chilengezo cha maliro chija kuti otanthauzira athu achiyese okha, komanso kuti nkhani ya achinyamata ija igamulidwe.