Chisamani chachingerezi chandiyendetsa maulendo atatu kukhoti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za kapepala kamene wapolisi wina wapamsewu anandipatsa mwezi watha, galimoto yanga itakhudzana ndi njinga ya kabaza. Palibe anavulala, koma ndinalandira chisamani choti ndikaonekere kukhoti la majisitireti pa mlandu woyendetsa galimoto mosasamala. Kapepalako kanali m'Chingerezi chokhachokha. Kanatchula dzina la khoti, tsiku, ola ndi gawo la lamulo lapamsewu limene amati ndaswa, basi. Nditafunsa kuti kumeneko ndikachite chiyani, bwanayo anati, "Mukangovomera, bambo, sizichedwa izi." Uphungu wa zamalamulo waulere, woperekedwa ndi munthu yemweyo amene akukuzengani mlandu!

Ndinasaina, chifukwa kusaina chisamani kumangosonyeza kuti mwalandira, sikuvomera mlandu. Ndipo ndinapita, chifukwa wojomba amamutulutsira chikalata chomumanga, n'kubwera naye ndi unyolo pa nkhani yomwe akanabwera yekha pa minibasi.

Nthawi yanga itakwana, kalaliki anawerenga mlanduwo, n'kumasulira m'Chichewa, ndipo anandifunsa ngati ndikuvomera kapena kukana. Ine ndinati, "Ndikuvomera kuti ndinamugunda, koma iyeyo anangotulukira kuseri kwa lole osayang'ana." A majisitireti analemba kuti ndakana mlandu. Ndinaima kukamwa yasa. Iwo sanalakwe ayi. Lamulo limafuna kuti khoti litsimikize kuti wovomerayo wamvetsa mlandu ndi zotsatira zake, ndiponso kuti akuvomera zonse popanda "koma". Mawu oti "koma" aja ndiye kukana kumene, chifukwa mlandu wanga sunali wogunda njinga, unali wosasamala, ndipo ineyo ndimanena kuti ndinasamala. Nanga zimenezi ndikanalota? Mlandu anauimitsa kuti boma libweretse mboni. Ulendo wachiwiri mboniyo sinabwere. Ulendo wachitatu ndi sabata yamawa, ndipo kuntchito ayamba kundiyang'ana ngati chigawenga.

Nditakhala pabenchi tsiku loyambalo ndinaona mmene zimathera kwa ovomera. Munthu akavomera, wapolisi woimira boma pa milandu amafotokoza mmene zinachitikira, kenaka khoti limafunsanso ngati zomwe zanenedwazo n'zoona. Apa mpofunika kutchera khutu, chifukwa ngati awonjezerapo kuti munkathamanga pamene simunkathamanga, muyenera kutsutsa pomwepo. Mukavomereza, amakupezani wolakwa, n'kukupatsani mpata wopempha kuti chilango chichepe. Apa ndi pamene munthu amanena kuti n'koyamba kupalamula, kuti sanatayitse khoti nthawi, kuti analipira kale zokonzetsa njinga, kuti chiwongolero ndicho chimadyetsa ana ake. Dalaivala wina wa minibasi atafunsidwa anangoti, "Ndilibe mawu, bwana." Anamugamula chindapusa, ndi kuti akalephera kupereka akakhale kundende. M'thumba analibe ndalama. Anamukhazika pambali ndi apolisi mpaka m'bale wake anafika nazo dzuwa litapendeka. Iyenso anauzidwa kuti sizichedwa.

Palibe amene anatiuza zonyamula. Zinandipulumutsa ine n'zoti ndinatenga chikwama chonse cha m'galimoto: chisamani chenichenicho, laisensi, chitupa cha unzika, mapepala a inshulansi, umwini wa galimoto ndi oti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pano ndawonjezapo zithunzi za pamalo angoziwo, zosindikizidwa papepala, ndipo mayi wogulitsa nthochi amene anaona zonse wavomera kudzandichitira umboni. Wokana mlandu abwerenso ndi achibale okhala ndi zitupa zawo, mwina khoti lingafune omuimira pa belo. Wovomera atenge ndalama, akalipire kwa wolandira ndalama wa khoti n'kutenga lisiti ya boma. Osapereka kanthu kwa anyamata oyendayenda pakhonde aja onena kuti amadziwana ndi akuluakulu.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati woimbidwa mlandu auzidwe mlandu wake momveka bwino, ndipo auzengedwe m'chinenero chimene amamva kapena amumasulire. Kodi ufulu umenewu umayambira pakhomo la khoti pokha? Tikamavota mumatilankhula m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pa wayilesi usiku ndi usana. Ikafika nthawi yotilipiritsa, aliyense wasanduka mzungu. Ndiye musandiyambitse za misewu yopanda mizere ndi zikwangwani zimene zinabedwa kalekale, zomwe palibe analandirapo chisamani.

A Mkulu wa Oweruza Milandu ndi a Mkulu wa Apolisi, kuseri kwa chisamani kuli malo. Sindikizanipo m'zinenero zathu tanthauzo la kuvomera ndi kukana, zoti munthu anyamule, ndi kumene angapeze maloya aulere a boma. Ndipo uzani anyamata anu apamsewu asiye ntchito ya uloya.

Dalaivala wokhumudwa,
Lilongwe