Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: mawu angati amakwana mu kanema wa mphindi imodzi

A wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Mchinji, munandituma ku msonkhano wa magulu ojambula makanema afupiafupi ophunzitsa alimi. Ndabwerako, ndipo malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zolankhula za alendo. Panalinso phunziro la kuwala pojambula, koma zambiri zinali zomwe timachita kale. Chimene ndabwera nacho chenicheni ndi yankho la vuto lomwe linatigwetsa mphwayi pa kanema wathu wa chuku cha mtedza, amene tinamukonzera masekondi 60 koma mawu ake anasefukira mpaka mphindi imodzi ndi theka.

Tinkatsatira lamulo lomwe ambiri analimva, loti wowerenga amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Lamulolo si labodza, koma ndi la Chingerezi. Mphunzitsi wathu, mayi amene wagwira ntchito yowulutsa mawu pa wailesi kwa nthawi yaitali, anatikumbutsa kuti liwu la Chichewa limanyamula katundu wambiri. "Sindinakuwoneni" ndi liwu limodzi papepala, koma lili ndi maphatikizo 7, ndipo Mngerezi amafunika mawu asanu kuti anene zomwezo. Kompyuta siidziwa zimenezi. Microsoft Word imangowerenga zidutswa zolekanitsidwa ndi mpata, ndiye "pa" ndi "sindinakuwoneni" kwa iyo n'zofanana. Pakamwa ndi pamene zimasiyana, chifukwa chimene chimadya nthawi ndi maphatikizo.

Anatipatsa chitsanzo chimene ndachikonda kwambiri, chifukwa chikuchokera pa nkhani yathu yomwe. "Musathire madzi pa mtedza musanaswe" ndi mawu asanu, maphatikizo 14. "Musanyowetse mtedza musanauswe" ndi mawu atatu, maphatikizo 13. Wolemba akaona kuti mawu atsika kuchoka pa asanu kufika pa atatu amasangalala kuti wafupikitsa, koma wotchi imati ziganizo zonsezi zikutenga masekondi pafupifupi atatu. Choncho pofupikitsa zolemba, musasinthanitse mawu aang'ono ambiri ndi liwu limodzi lalitali n'kumati mwapindula. Chotsani mfundo yathunthu.

Njira yake ndi yoti wowerenga aliyense adziwe liwiro lake. Amatenga ndime ya Chichewa ya mawu 200, yofanana ndi zimene amawerenga m'makanema, n'kuiwerenga mokweza, ataimirira, foni ikujambula, monga mmene angalankhulire ndi mayi wachikulire wa ku Mkanda amene akumva nkhaniyo koyamba. Kuwerenga chamumtima sikuthandiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime ndipo sapuma mpweya. Amawerenga katatu n'kutenga nthawi yapakati. Ine ndimeyo inanditengera mphindi ziwiri, kutanthauza mawu 100 pa mphindi. Mnyamata wina wa ku Kasungu anamaliza msanga kuposa ine, koma titamvetsera zomwe anajambula, mathero a mawu ake ankamezeka.

Mukadziwa liwiro, masamu ake ndi ochepa. Gawani chiwerengero cha mawu ndi liwiro, kenako chulukitsani ndi 60, mupeza masekondi. Zolemba zathu za chuku zinali ndi mawu 150. Mukagawa 150 ndi 100 n'kuchulukitsa ndi 60 mupeza masekondi 90, ndendende kutalika komwe kunatuluka. Ndikunena izi poyera chifukwa pa msonkhano wa komiti uja ena anadzudzula mtsikana wathu wowerenga kuti amakoka mawu, mpaka anasiya kubwera kwa kanthawi. Sanalakwe chilichonse. Zolembazo sizikanakwana ngakhale akanawerenga ndani, ndipo mtsikanayo akuyenera kupepesedwa.

Apa ndiye pamene panandigwira mtima: kanema wa masekondi 60 alibe masekondi 60 olankhula. Tinagawa kanema wathu pa bolodi anthu onse akuona. Poyambira, pamene nyimbo ikulira ndi mutu ukuoneka, pamapita masekondi 3. Kumapeto, pamene nambala ya foni ili pa sikirini kuti munthu aikopere, pamapita 5. Mlimi wathu wa ku Kamwendo akufotokoza yekha mmene amaumitsira mtedza kwa masekondi 10. Ndiye pali kupuma, kuti chithunzi cha mtedza wa nkhungu chioneke chokha popanda wolankhula, komanso kampata pakati pa mfundo ndi inzake, zonse pamodzi masekondi 6. Mukachotsa 24 pa 60 patsala 36. Pa liwiro la mawu 100 pa mphindi, masekondi 36 amanyamula mawu 60 okha. Ife tinalemba 150.

Mawu 60 ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri zazifupi, basi. Ndiye tiyeni tigwirizane pa nkhani ya malonje. Mwambo wathu woyamba ndi kupereka ulemu kwa mafumu, alangizi ndi otithandiza ndi wabwino pabwalo, koma mu kanema uja unadya mawu oposa 20, gawo limodzi mwa magawo atatu a malo onse amene tinali nawo. Maganizo anga ndi akuti mayina alembedwe pa sikirini kumapeto. Ndikudziwa kuti ena mukana. Amene akukana atiuze mfundo ya chuku yomwe tichotse kuti malonje alowe, ya kuumitsa kapena ya kusankha mtedza wowola.

Chenjerani ndi manambala. "K15,000" kompyuta imaiwerenga ngati liwu limodzi, koma pakamwa ndi mawu angapo. Nambala ya foni ili ndi manambala khumi, ndipo kuitchula mwapang'onopang'ono kuti munthu alembe kumatha masekondi asanu kapena kuposerapo. Pa zolemba zowerenga, lembani nambala iliyonse mmene idzatchulidwire, kenako muwerengere. Mukaona kuti mawu ojambulidwa asefukira, musathamangire kuwathamangitsa pa CapCut, pulogalamu yokonzera makanema. Kuwonjezera liwiro pang'ono kwambiri sikumveka, koma kufinya masekondi 90 kuti akwane mu 60 kumafuna 1.5x, ndipo munthu amamveka ngati wopikisana ndi mvula. Chizindikiro cha zolemba zodzaza n'chosavuta: wowerenga amapuma mpweya pakati pa chiganizo, ndipo chithunzi chimasintha iye akadali pa mfundo yakale.

Msonkhano wa ku Lilongwe unagwirizana kuti magulu azitumiza zolemba m'Chingerezi kuti zivomerezedwe, kenako azimasulira. Ine ndinatsutsa ndipo ndikutsutsabe. Zolemba za Chingerezi zokwana bwinobwino mphindi imodzi zikamasuliridwa, chiwerengero cha mawu chimatsika koma nthawi kawirikawiri imakwera, ndipo tidzabwerera pa vuto lomweli titalandira kale chidindo choletsa kusintha. Ndikupempha komiti ilembe kalata yopempha kuti tiziyamba ndi Chichewa, tiyeze nthawi, Chingerezi chizitsatira cha ovomerezawo. Zokambirana za malamulo a kajambulidwe ka ana ndi za kalembedwe ka malipoti a ndalama ndabwera ndi mapepala ake, ali kwa mlembi.

Loweruka likubwerali ndikufuna tiyeze liwiro la owerenga athu onse anayi, tilembe manambalawo m'buku la gulu, kenako tidule zolemba za chuku zifike pa mawu 60. Kuti zimenezi zitheke, maikolofoni ya gulu, imene yakhala kunyumba kwa membala mmodzi chijambulireni ukwati wa m'bale wake, ibwerere ku ofesi pofika Lachisanu madzulo.