Za nkhope ya pa posita ya saluni ya alamu

Achimwene,

Zithunzi zija zafika zonse, ndalama ya ntchito nayonso ndaiona. Zikomo kwambiri. Kuno ku Zomba tili bwino, mvula yayamba, ndipo m'mawa uliwonse phiri likumadzuka litafunda chifunga monga munalisiyira. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nkhani yoti atsegula saluni yawoyawo ku Joniko yatisangalatsa tonse.

Posita ndayiyamba. Mitundu yatheka, zilembo zatheka, mitengo ya kuluka ndi kuika wigi ndailemba monga munanenera. Koma pakati pamene payenera kukhala nkhope ndasiya popanda kanthu, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake musanayambe kunena kuti mnzanu wadya ndalama. Munalemba kuti ndidule nkhope ya msuweni wa alamu uja pa chithunzi cha ukwati wanu, ndimuveke wigi yaitali, ndiwonjezere nsidze ndi zopaka pamilomo, khungu ndiliwalitse pang'ono. Kenako munati, "Ndi wachibale, sangakane." Mawu ngati amenewa ndi amene anandigwetsa m'dzenje zaka zitatu zapitazo, ndipo nkhaniyi sindinakuuzeni chifukwa cha manyazi.

Kunabwera telala wina pashopu panga, kasitomala wakale, akufuna chikwangwani cha mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, komanso timapepala 500 togawa. Anali ndi zithunzi ziwiri pafoni. China chinali cha mayi wina pachinkhoswe, atavala chilundu ndi bulauzi yosokedwa ndi telalayo, akumwetulira bwino. China chinali cha diresi yamapewa pamtunda, yong'amba mpaka pantchafu, yovala mtsikana amene nkhope yake sinaoneke. Telala anati nditenge mutu wa mayiyo ndiuike pa diresi ija. Ndinafunsa kamodzi kokha kuti, "Mwiniwake akudziwa?" Anati, "Ndinawauza, anavomera." Ine basi, ndinatsegula Photoshop. Ndinadula mutu motsatira khosi, ndinafananiza mtundu wa khungu la nkhope ndi la mapewa, ndinaika kamthunzi pansi pa chibwano kuti polumikizira pasaoneke. Kunena zoona ntchitoyo inatuluka bwino mopitirira, ndipo kukongola kwakeko ndi kumene kunandipachika. Palibe amene anaona chikwangwanicho n'kuganiza kuti thupilo ndi la munthu wina.

Chinakhala masiku anayi pafupi ndi depoti. Tsiku lachisanu mayiyo anabwera pashopu ndi amuna awo. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anakhala pa benchi yanga ija, chikwama pamiyendo, n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, ine ndimatsogolera amayi kumpingo. Lamulungu ndikaima bwanji kutsogolo?" Apongozi awo anali ataona kale, ana a kusukulu anali atajambula n'kumatumizirana. Telala atamuitana, zinadziwika kuti sananame kwenikweni. Mayiyo anavomeradi. Koma chimene anavomera chinali choti telala ajambule bulauzi kuti azionetsa makasitomala pafoni. Za chikwangwani sanamve, za diresi yong'amba ndiye sanalote n'komwe. Chikwangwani tinachitsitsa madzulo omwewo, ine ndemwe ndinachiduladula ndi lumo iwo akuona. Timapepala tija tinapezako tosakwana theka, tina tonse tinali titapita ndi anthu m'maminibasi.

Kuyambira pamenepo, munthu akandiuza kuti "anavomera" ndimafunsa kuti anavomera chiyani. Msuweni wa alamu anavomera kujambulidwa paukwati wanu monga woperekeza mkwatibwi. Kuikidwa pa malonda ndi pempho lina. Kusinthidwa nkhope ndi pempho linanso lachitatu, ndipo ili ndi limene anthu amalilumpha, chonsecho ndi limene limapweteka. Munthu amaidziwa nkhope yake. Mukamuwalitsa khungu osamufunsa, mwamuuza pamaso pa dziko lonse kuti mtundu umene anabadwa nawo sukwanira. Ndaonapo mtsikana akukondwera ndi wigi ya pachithunzi koma n'kukwiya kwambiri chifukwa ndinafafaniza kachipsera ka pachipumi kamene iye amakatenga ngati chizindikiro chake.

Ndiye kafunsidwe kake ndi aka. Musafunse ndi mawu okha, chifukwa "tikonza pang'ono" kwa inu ndi kwina, kwa iye ndi kwina. Choyamba mumuuze kuti mukuganiza zotani, ndipo akalola kuti tiyeserere, ine ndipanga chithunzi choyeserera, chaching'ono, cholembedwa mawu oti "chongoonetsa" modutsa pakati kuti chikathawa chisagwire ntchito. Ndichiika pambali pa chithunzi choyambirira, ziwirizo zikhale pa tsamba limodzi, kuti aone ndi maso ake chimene chasintha. Mumutumizire iye yekha, osati pa gulu la banja la WhatsApp pamene azakhali onse aziombera m'manja iye asanayankhe. Uthenga wake ungakhale wotere:

"Asisi, tikupempha kugwiritsa ntchito nkhope yanu pa posita ya saluni. Chithunzi ndi ichi, kumanzere ndi mmene chinalili, kumanja ndi mmene tachikonzera. Taika wigi, nsidze ndi zopaka pamilomo, khungu sitinalikhudze. Chikhala pakhomo la saluni, pa timapepala 300 ndi pa tsamba la Facebook la saluniyo, kwa chaka chimodzi. Sitichipereka kwa wina aliyense. Ngati pali chimene simukuchifuna tichichotsa, ndipo ngati simukufuna zonse, nenani momasuka, tili ndi njira ina ndipo palibe amene adandaule. Musayankhe lero, ganizani kaye mpaka Lachisanu."

Mwaona kuti za khungu ndazichotsamo. Limenelo ndi ganizo langa, ndipo ngati alamu akulimbikira, alembe poyera mu uthengamo kuti khungu taliwalitsa, tione ngati mwiniwake angalole.

Mawu oti "tili ndi njira ina" musawasiye, ndipo akhale oona. Ife Amalawi kukana wachibale maso ndi maso kumativuta, makamaka wachibale wa ku Joni amene amatumiza kangachepe pa Khirisimasi. Ngati mumathandizapo pa fizi ya mng'ono wake, dziwani kuti pempho lanu likumveka ngati lamulo ngakhale mutalikometsa chotani. N'chifukwa chake ndi bwino afunse alamu, monga azimayi okhaokha, osati inu. Ndipo mumvetsere bwino yankho. "Tiona" ndi kukana. "Mmene mwaoneramo" ndi kukana kwaulemu. Kachithunzi ka chala chachikulu popanda mawu, kapena kukhala chete masiku atatu uthenga atauwerenga, musakutenge ngati chilolezo. Munthu amene wavomeradi amaoneka: amafunsa mafunso, amati wigiyo isinthidwe mtundu, amafuna kudziwa ngati dzina lake lilembedwepo. Akati afunse kaye abambo akunyumba, mpatseni mpata, koma musadumphe iye n'kukapempha kwa mwamuna wake kapena kwa amalume ake. Nkhope ndi yake, yankho lomaliza lichoke pakamwa pake.

Akavomera, alembe ndi mawu ake pansi pa chithunzi chomwecho, kapena atumize uthenga wa mawu wonena chimene wavomera, kumene chikaikidwe, ndi nthawi yake. Musunge zonsezo pamodzi ndi chithunzicho penapake posakhala pafoni pokha, poti mafoni amabedwa. Izi si zanga zokha. Kumene mukukhalako kuli lamulo loteteza mbiri za anthu lotchedwa POPIA, la 2013, limene mabizinesi anayenera kuyamba kulitsatira mokwanira pa 1 Julayi 2021. Lamuloli limati chilolezo chikhale choperekedwa mwaufulu, cha chinthu chodziwika bwino, munthu atauzidwa zonse. Limatinso pakabuka mkangano, woyenera kuonetsa umboni woti chilolezo chinaperekedwa ndi amene akugwiritsa ntchito, ndiye kuti saluni ya alamu, osati mwini nkhope. Kunonso gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza zachinsinsi za munthu, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri za anthu limene likuyang'aniridwa ndi MACRA. Ine si loya, koma ndinaphunzira kuti "anandiuza pakamwa" sikuthandiza munthu akakhala pa benchi yako ndi amuna ake.

Mugwirizanenso za tsiku limene angasinthe maganizo, chifukwa zimachitika. Wapeza ntchito ya uphunzitsi, wapeza banja, walowa mpingo wina, nkhope ya pa saluni ija yayamba kumulemera. Lamulo la kwanuko limamulola kubweza chilolezo nthawi ina iliyonse. Muuzeni zoona pa chimene mungathe ndi chimene simungathe. Cha pa Facebook mungachichotse tsiku lomwelo, cha pakhomo mungachitsitse pa sabata imodzi, timapepala totsala mungatiwotche. Koma timene tagawidwa kale sitibwerera, ndipo ngakhale chithunzi cha pa Status chimene chimazimiririka pakatha maola 24, wina amakhala atachijambula kale pafoni yake. Munthu akamva zimenezi asanavomere, savutika mtima pambuyo pake ngati mmene anavutikira mayi uja. Ngati alamu akufuna kumuthokoza ndi kandalama kapena kumutumizira wigi yeniyeni, ndi bwino, koma anene kuti ndi za chaka chimodzicho. Wigi imodzi sigula nkhope ya munthu mpaka kalekale.

Pali zina ziwiri zing'onozing'ono. Pa chithunzi chachinayi pali kamtsikana kamaluwa kaja, ndipo munati mwina tikaike pakona ya za tsitsi la ana. Kwa mwana wosakwana zaka 18 ofunsidwa ndi makolo ake, koma ine ndingakonde tingokasiya, chifukwa chithunzi cha mwana chikalowa m'manja mwa anthu sudziwa kumene chikathere. Chachiwiri, wojambula wa paukwati wanu uja mumufunse ngati akulola kuti ntchito yake idulidwe n'kupita pa malonda. Munamulipira kujambula ukwati, za posita simunakambirane.

Msuweniyo akakana, ntchito siima. Alamu aluke kasitomala mmodzi amene walola, amujambule chakumbuyo ndi cham'mbali pafupi ndi windo nthawi ya m'mawa, nkhope isaoneke. Kwa saluni chimenecho chimagulitsa bwino kuposa wigi yomata pa kompyuta, poti anthu amaona manja enieni a woluka.

Ndidikira yankho lanu pofika Lachisanu kapena Loweruka. Amayi anu ndinawaona kumsika sabata yatha akugula mbewu, ali bwino, ndipo akuti nsapato zija zinawakwana.

Ndine mnzanu wa pa shopu yosindikiza,
ku Zomba