Lipoti la msonkhano wa magulu a magazi ndi uchembere

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma, ndipo nazi zimene ndatengako.

M'mawa tinakambirana za magulu anayi a magazi: A, B, AB ndi O. Izi ambiri timazidziwa. Chimene tinakhalitsapo ndi kachizindikiro kolembedwa pambali pa chilembocho, + kapena −. Kameneka ndi ka Rh, kapuloteni kopezeka pa maselo ofiira a magazi. Amene ali nako amalembedwa Rh+, amene alibe Rh−. Chonde tikawafotokozere amayi bwino, chifukwa ena akamva zoti "pozitivi" amaganiza za HIV, pamene nkhanizi n'zosiyana kotheratu.

Dokotala amene anatiphunzitsa anapereka chitsanzo cha mayi wa O− amene mwamuna wake ndi O+. Mwana woyamba watengera bambo, ndi Rh+, ndipo wabadwa bwinobwino. Koma pobereka, timagazi ta mwanayo talowa m'magazi a mayi. Thupi la mayi likutiona ngati mdani, n'kupanga asilikali olimbana nato, ndipo asilikaliwo sachokanso. Mayi samva chilichonse. Pa mimba yachiwiri, ngati mwana alinso Rh+, asilikali aja amadutsa pa nsengwa n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwanayo. Magazi ake amachepa, thupi limatha kutupa ndi madzi, ndipo ena amafera m'mimba. Wobadwa wamoyo amaoneka wachikasu m'maso ndi pakhungu pasanathe maola 24. Chikasu chofulumira chonchi si choti n'kudikira, pakuti chikakwera chimawononga ubongo. Kuchipatala amamuika pa magetsi apadera, zikavuta amamusintha magazi.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti "mimba yoyamba" sikutanthauza mwana woyamba wobadwa. Kupita padera, kuchotsa mimba, mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kutaya magazi kapena kugundidwa pamimba, zonsezi zingadzutse asilikaliwo.

Chitetezo chake ndi jakisoni wa anti-D. Mayi wa Rh− amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka mwana wa Rh+, kapena zikachitika zimene ndatchulazi, ndipo m'zipatala zambiri amabayanso mimba ikafika masabata 28. Pa mimba iliyonse afunika kubayidwanso. Koma jakisoniyu amangoletsa thupi kupanga asilikali. Ngati anapangika kale, sathandiza. N'chifukwa chake amayeza kaye magazi a mayi kuti aone ngati asilikaliwo alimo, ndipo akapezeka, mimbayo iyenera kuyang'aniridwa ndi dokotala pa chipatala chachikulu.

Kusiyana kwa mayi wa O ndi mwana wa A kapena B nakonso kumabweretsa chikasu, ngakhale pa mimba yoyamba, koma kawirikawiri sikufika poopsa chotere.

Pempho langa ndi lakuti tikamayendera amayi oyembekezera, tizionanso m'buku lawo la kusikelo ngati gulu la magazi linalembedwa pamodzi ndi chizindikiro chake. Tikapeza −, timuuze mayiyo za anti-D ndi za maola 72 aja, kuti akakumbutse azamba tsiku lochira lisanafike.