Za boti la malemu ndi kubwerera m'mbuyo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno ku Nkhotakota tilipo, koma mwera wavuta, usipa wakwera mtengo.

Nkhani yopeka imene mukulemba ija ndaiwerenga yonse. Maziko ake ngolimba: mkulu wa ku Chia wamwalira n'kusiya boti la injini, chilimira ndi munda wa mpunga. Mphwake akuti za malume n'zake malinga ndi mwambo, mayi wamasiye ndi ana akudalira lamulo la 2011 lija loteteza chuma cha masiye, ndipo wilo yasowa. Pamene ndikufuna tikambirane mpomwe mukumabwerera m'mbuyo.

Ulendo woyamba munaukhoza. Mwana wamkazi wapeza kope la ngongole m'sutikesi ya bambo ake, dzina la msuweni wake lili pa tsamba lililonse, ndiye mwatitengera ku njala ya 2002. Tikumuona mphwakeyo akugwetsa ukonde usiku wonse, malume ake ali gone ndi matenda, ndalama akukapereka kwa akazi a malumewo osatapako. Pobwerera kumaliro, munthu amene ndinkamuyesa wakuba ndinayamba kumumvera chisoni, ndipo maso anga anatembenukira kwa mwana wamwamuna. Kope ndilo linadzutsa funso, zakalezo zinasintha amene ndikumukayikira. Zinazo muziyese ndi muyeso womwewu.

Za ukwati wa malemu, za ubwana wawo ku Linga, n'zokoma ndithu, koma mukazichotsa palibe chimene chikugwa. Zichoke.

Chimene chandiwawa ndi mutu wachisanu. Mwatilowetsa m'maganizo a mwana wamwamunayo akukumbukira tsiku limene bambo ake ankasaina wilo pamaso pa mboni ziwiri, koma mwabisa zoti ndi iye anaichotsa. Munthu sakumbukira tsiku lotere n'kulumpha chimene manja ake anachita. Wowerenga akadzazindikira adzati mwamunamiza ndinu, osati mnyamatayo. Tsiku limenelo lipatseni kwa mmodzi wa mbonizo, mlovi wokalamba uja, amene anangoona envulopu ikulowa pansi pa mphasa n'kutuluka kukatenga nkhafi. Iye sakubisa kanthu, akunena zimene anaona basi.

Tsono polekera. Abale akangokhala pansi pa mtengo wa mango tsiku la kusudzula, mwini mbumba ndi anyakwawa ali pomwepo, musabwererenso m'mbuyo. Onse odziwa kanthu ali pabwalo, pakamwa ali napo. Inu mwadula mayi wamasiye ali pakati pa mawu kuti mutionetse usiku umene wilo inabedwa, ndipo mtima wanga unazizira pomwepo. Msiyeni mayiyo amufunse mwana wake maso ndi maso, timve mmene akuchitira chibwibwi, tione azakhali akuweramitsa nkhope. Ine ndikuona kuti kubwerera katatu kukukwanira, komaliza kukhale kwa mlovi uja, bwalo lisanayambe.

Mukakonza mutu wachisanu munditumizire msanga. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Linga